Lemba lalikulu si chipewa chovulira akuluakulu

Anzanga aphunzitsi, alembi a mafumu, ndi inu nonse amene mumapemphedwa kulembera ena makalata kuno ku Entre Lagos, lero ndili nanu mlandu. Mapepala ambiri a pangano amene anthu amabwera nawo kwa ine kuti ndiwawerengere ali ndi nthenda ziwiri. Ena alembedwa ndi malemba aakulu okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ena wolemba wake wamwaza malemba aakulu ngati akufesa mpunga kudambo la Chilwa: Mfumu, Bambo, Ndalama, Munda, Ulemu. Ndikafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzi: "Aphunzitsi, timachitira ulemu."

Ine ndikukana. M'kalata ya zamalamulo lemba lalikulu silinyamula ulemu. Ntchito yake ndi kuloza. Limauza wowerenga kuti apa tikunena chinthu chimodzi chodziwika, chokhala ndi dzina lake, chidindo chake ndi khomo lake. M'kalasi timati dzina lamwinimwini. Lemba laling'ono limati tikunena chinthu chilichonse cha mtundu umenewo. Mukakweza mawu onse mwafufuta kusiyana kumeneku, ndipo m'chiyankhulo chathu kusiyanaku n'kofunika kwambiri, chifukwa mawu athu a zaulamuliro amasenza matanthauzo awiriawiri.

Taonani mawu akuti boma. Tikati "ndikupita ku boma" timanena ku Insaca, kumene kuli likulu la Mecanhelas. Tikati "boma la Mecanhelas" timanena dera lonse. Koma tikati "Boma lakhazikitsa lamulo" timanena ulamuliro wa dziko. Lamulo la malo la m'chaka cha 1997 limanena kuti nthaka yonse ya Mozambiki ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo basi. Ndiye wolemba pangano la munda akalemba kuti "malo awa ndi a Boma", wanena zimene lamulo likunena. Akalemba kuti "malo awa ndi a boma", wowerenga angamve ngati ndi malo a maofesi a ku Insaca. Akalemba zonse ndi malemba aakulu, palibe angadziwe chimene ankafuna kunena.

Mawu akuti nduna nawonso ali chimodzimodzi. Mfumu ya m'mudzi ili ndi nduna zake zoithandiza kuweruza milandu, ndipo ku Maputo kuli Nduna ya Zamaphunziro ndi Chikhalidwe. Bwalo ndi pamene ana amasewerera mpira, ndi pamenenso mfumu imakambira milandu pansi pa mtengo, komanso ndi nyumba ya woweruza wa Boma. M'Chipwitikizi zinthu zimenezi zili ndi mawu osiyanasiyana. Ife tili ndi liwu limodzi, choncho lemba lalikulu limatigwirira ntchito imene kwa iwo imagwiridwa ndi liwu lina. Amene amati malamulo a kalembedwe ndi a Chipwitikizi chokha, Chinyanja ungolemba mmene wafunira, aganizirepo bwino pamenepa.

Tiyeni tiyese ndi pangano loyerekeza, la mtundu umene umalembedwa kawirikawiri pamalire pano. Mayi wa kuno akubwereketsa kanyumba kosungiramo nsomba zouma kwa wamalonda wochokera ku Nayuchi, tsidya la Malawi, pa lendi ya mametikali 1500 pamwezi. Wolemba wawo wamaliza pepala ndi mzere uwu:

MKANGANO UKABUKA NKHANI IDZAPITA KWA MFUMU, IKAKANIKA IDZAPITA KU BWALO LA KU BOMA.

Onse asaina, mboni zadinda zala, aliyense wapita kwawo wokondwa. Patapita miyezi 4 lendi yasiya kubwera. Mayi uja akuti mfumu yake ndi ya kuno, ndipo bwalo la ku boma ndi la ku Insaca. Wamalonda uja akuti iye ankamva mfumu ya kwawo, ndipo kwa munthu wa ku Nayuchi boma lake ndi Machinga. Palibe amene akunama. Pepala lawalola onse awiri. Onjezani apa kuti kuno ku Mozambiki tili ndi mitundu iwiri ya mabwalo imene anthu amaisokoneza: mabwalo a m'madera, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1992 kuti aziyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono, ndi mabwalo a oweruza a Boma. Mzere uja sunanene ngakhale mtundu wa bwalo.

Tsopano tiulembe bwino:

Mkangano ukabuka, nkhani idzayamba yapita kwa mfumu ya mudzi umene muli nyumbayi. Ikakanika, idzapita ku Bwalo la Milandu la Boma la Mecanhelas, limene m'pangano lino tizilitchula kuti Bwalo.

Taonani zimene zachitika. Liwu lakuti mfumu lakhala ndi lemba laling'ono chifukwa tafotokoza mfumuyo ndi mawu wamba. Tikanalemba dzina la ufumu wake, liwu lakuti Mfumu likanakwera pamodzi ndi dzinalo. Bwalo tapereka dzina lake lonse kamodzi. Pamenepa ngakhale liwu lakuti Boma lakwera, ngakhale likunena dera, chifukwa lalowa m'kati mwa dzina. Kuyambira apo, paliponse pamene pepala likunena Bwalo ndi lemba lalikulu, ndi bwalo lomwelo. Likanena kuti "nyumbayi ilibe mlandu m'bwalo lililonse", lemba laling'ono likutanthauza mabwalo onse.

Chimodzimodzi anthu a m'panganomo. Pamwamba lembani dzina la mayi uja, muonjezere kuti "amene m'pangano lino ndi Mwininyumba", ndipo winayo "amene ndi Wobwereka". Mukatero musasinthe. Musalembe Wobwereka pandime yoyamba, wobwereka pandime yachitatu, Wamalonda pandime yachisanu. Munthu wofuna kuzemba ngongole adzafunsa ngati amenewa ali munthu mmodzi.

M'kati mwa dzina lalitali, timawu tolumikiza monga wa, la, ya, cha ndi ndi timakhala tating'ono. Timalemba Unduna wa Zamaphunziro ndi Chikhalidwe, osati Unduna Wa Zamaphunziro Ndi Chikhalidwe. Chipwitikizi chimachitanso zomwezo. Yang'anani dzina la bwalo lathu lija: Tribunal Judicial do Distrito de Mecanhelas. Timawu tiwiri tolumikizato sitinakwere. Ndipo popeza chiyankhulo cha ntchito za Boma kuno ndi Chipwitikizi, monga ikunenera ndime 10 ya malamulo aakulu a dziko, ndi nzeru kuika dzina la Chipwitikizi limeneli kamodzi pambali pa la Chinyanja, kuti pasakhale kukayika.

Dzina la unduna lizikoperedwa papepala latsopano la ofesiyo, osati kuchokera m'mutu. Kuyambira 2015 unduna wathu unali wa Zamaphunziro ndi Chitukuko cha Anthu. Mu 2025 unasanduka wa Zamaphunziro ndi Chikhalidwe. Munthu amene akulembabe dzina lakale, ngakhale akweze malemba ake mwaluso, akulembera ofesi imene dzina lake linasintha. Koma mukamanena mwachisawawa kuti "maunduna a zamaphunziro a Mozambiki ndi Malawi", palibe chokweza kupatula maina a maiko awiriwo.

Nanga maudindo a anthu? Apa ndi pamene manja ambiri amanjenjemera. Udindo umakwera ukakhala pa adiresi ya kalata, pansi pa siginecha, kapena ukatsogolera dzina la munthu. Pamwamba pa kalata lembani "Kwa a Woweruza wa Bwalo la Milandu la Boma la Mecanhelas". Kaliwu kaulemu kaja, a, kamakhala kakang'ono, pokhapokha kakayamba chiganizo. M'kati mwa kalata, mukamanena kuti "woweruza aliyense amafuna umboni", palibe chifukwa chokwezera. Simunanyoze munthu. Mwangonena za oweruza onse.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Mukuti makalata a Chipwitikizi opita kwa akuluakulu amakweza mawu aulemu, bwanji ife tisatero? N'zoona, amakweza, makamaka pa malonje ndi pomutchula mwini udindoyo. Ifenso tili ndi malo amenewo: Olemekezeka, Wokondedwa Bambo. Kwezani pamenepo. Koma ulemu wa chiyankhulo chathu sunayambe wadalira kukula kwa lemba. Uli mu a, uli mu inu, uli m'mawu ngati "ndikupempha" ndi "achite chifundo". Agogo athu ankalemekeza mafumu asanaone cholembera. Munthu wolemba kuti "iwe MFUMU" wanyoza ndithu, pamene wolemba kuti "ndikupempha a mfumu athu" walemekeza.

Ena mukuti malemba aakulu okhaokha amawerengeka bwino ngati dzanja la wolemba lili loipa. Ngati vuto ndi dzanja, lembani malemba osalumikiza, pang'onopang'ono, kapena pitani kwa wotaipa. Pali mapepala a m'maofesi amene amalamula okha kuti mudzaze ndi malemba aakulu, pamenepo mverani. Mutu wa pangano nawonso ungakhale wa malemba aakulu. Koma thupi la pangano lisiyeni lizitha kusiyanitsa Boma ndi boma.

Sindikunena kuti lemba lalikulu limapatsa pepala mphamvu. Woweruza sangataye pangano chifukwa chakuti mwalemba "unduna Wa", ndipo pangano logulitsa nthaka silingakhale lovomerezeka chifukwa chakuti malemba ake ali m'malo mwake. Chimene ndikunena n'chakuti pepala la Chinyanja likafika ku Insaca lidzafunika kumasuliridwa m'Chipwitikizi. Womasulirayo akakumana ndi boma, nduna kapena bwalo, ayenera kusankha liwu limodzi mwa awiri kapena atatu. Ngati wolemba sanamuthandize, adzasankha moganizira, ndipo kuganizira kwakeko kungadyetse mayi wa nsomba uja lendi ya miyezi 4.

Musanasaine pepala lililonse, liyeseni motere. Ikani chala pa liwu lililonse loyamba ndi lemba lalikulu pakati pa chiganizo, mufunse kuti: kodi ili ndi dzina la munthu, la malo, la ofesi imodzi, kapena liwu limene talitanthauzira pamwamba? Ngati yankho lili ayi, litsitseni. Kenako fufuzani boma, bwalo, nduna ndi mfumu paliponse pamene zalembedwa, mufunse kuti: liti, iti, ya kuti? Ngati anthu awiri osainawo angayankhe mosiyana, pepalalo silinathe kulembedwa.

Kwa ife aphunzitsi, ntchito ili poyera. Timaphunzitsa kuti dzina la munthu ndi la mudzi limayamba ndi lemba lalikulu, n'kuima pomwepo. Mwana wa kalasi 6 amene tikumuphunzitsa lero ndiye adzalembere amalume ake pangano chaka chamawa, chifukwa pakhomopo ndi iye wodziwa kulemba. Sabata ino mulembereni pabolodi mzere wa malemba aakulu uja, mumufunse kuti nkhaniyo ipita kwa mfumu iti ndi ku bwalo liti, kenako mumupatse choko aukonze yekha.