Osalembera kasitomala zokamba, mulembereni mafunso

Mavidiyo ambiri a makasitomala amene timaona pa Facebook ndi pa WhatsApp Status amamveka ngati mwana wa sukulu amene akunena ndakatulo yoloweza. Munthu waima chilili, maso pa kamera, akutchula dzina lonse la shopu kawiri, n'kumaliza ndi "bwerani nonse, simudzakhumudwa." Palibe amene amakamba choncho kwa mnzake mu minibasi, ndiye woonera amadziwa msanga kuti mawuwo ndi a mwini bizinesi.

Maganizo anga ndi akuti papepala lokonzekera vidiyo yotere pasakhale mawu a kasitomala ngakhale amodzi. Pakhale mafunso anu chabe, otsatana monga momwe zinthu zinachitikira.

Tiyerekeze telala wa ku Kamwala amene wasoka madiresi asanu ndi limodzi a chitenge a kicheni pate. Akufuna kujambula amayi amene anabweretsa odayo. Funso loyamba lisakhale "munaikonda ntchito yathu?" chifukwa yankho lake ndi "ee, maningi," ndipo nkhani yathera pomwepo. Afunse kuti, "Amayi, musanabwere kuno zinthu zinali bwanji?" Apa ndi pomwe pamatuluka nkhani: mwina panatsala masabata awiri, nsalu zinali zitagulidwa kale, ndipo telala wina anali atadya dipoziti n'kusiya kuyankha foni.

Funso lachiwiri ndi limene eni mabizinesi amaliopa: "Munali kukayikira chiyani za ine?" Amayiwo angayankhe kuti, "Nditaona kashopu kang'ono ndi makina amodzi, ndinati awa malaiti akapita, basi tavala zakale." Telala angafune kudula mbali imeneyi, koma ndiyo mtima wa vidiyo yonse. Mtsikana amene akuonera ali ku Matero ali ndi mantha omwewo, ndipo akamva wina akuwatchula amayamba kumvetsera. Kenako afunse zimene zinachitika pa tsiku lotenga zovala, ndipo akakamire pa zinthu zowerengeka: linali tsiku liti, analipira zingati, anabwera kudzayesa kangati. "Ndinatenga Lachinayi, pate inali Loweruka" ndi mawu olemera kupambana "amagwira ntchito mwachangu."

Pomaliza afunse chimene chinafunika kukonza. Amayi akati diresi imodzi inathina m'chiuno ndipo anaimasula tsiku lomwelo, zisiyeni momwemo. Ena amati uku n'kudziwonongera malonda. Ine ndikuona kuti aliyense amene anasokesapo chovala amadziwa kuti kuthina kumachitika. Chimene sadziwa n'chakuti telala uyu amachita chiyani zikatero, ndipo vidiyoyo yamuyankha.

Kajambulidwe nakonso kangaononge zonse. Wofunsa akhale pambali pa foni kuti amayi aziyang'ana munthu, osati kamera. Foni ikhale pafupi, mtunda wa mkono umodzi kapena iwiri, ndipo makina osokera ndi jenereta zizimitsidwe, pakuti anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu osamveka amawadumpha. Jambulani mphindi khumi kuti mupezemo masekondi 45 abwino, chifukwa mphindi zoyamba munthu amakhala akali womangika. Akamaliza kuyankha, musathamangire funso lina. Khalani chete pang'ono. Nthawi zambiri mawu abwino amabwera pamenepo, akayamba ndi "komanso ija…" Ndipo ngati amasakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chizungu, asiyeni. Mukawapempha kuti abwereze m'Chizungu choyera, abwereza ngati wowerenga nyuzi.

Kuloweza kumaoneka. Maso amapita m'mwamba kufunafuna mzere wotsatira, mawu oyamikira amachuluka popanda tsiku kapena mtengo, ndipo munthu amapuma mozama n'kuseka akangomaliza. Mukaona izi, ikani foni pansi, chezani za pateyo, muyambirenso ndi funso lina.

Podula vidiyo pali malire. Kuchotsa kutsokomola ndi kubwereza n'kwabwino, koma kulumikiza theka la yankho ili ndi theka la lina kuti amayi amveke ngati anena zimene sananene ndi bodza. Ngati munawachotserako mtengo kuti avomere kujambulidwa, lembani zimenezo pansi pa vidiyo. Kuika msuweni wanu kuti adzinamize kukhala kasitomala n'kusocheretsa ogula, ndipo lamulo la 2010 loteteza ogula, limene bungwe la CCPC limayang'anira, limaletsa malonda osocheretsa. Musanaiponye pa intaneti, atumizireni amayiwo aione, muwauze komwe idzaikidwe. Pali anthu amene savutika kuoneka pa Status ya maola 24 koma safuna nkhope yawo pa TikTok, makamaka ngati atchulamo ndalama zimene apongozi sanadziwe kuti zinapita ku madiresi.