Ndalama ya pangozi isagone malo amodzi

Alimi anzathu, mpunga wa ku Lifuwu ndi thonje zikagulitsidwa, ambiri amafunsa kuti ndalama yoyembekezera mavuto aisunge pafoni kapena aitsekere ku banki kwa miyezi ingapo. Ife tikuti igaweni pawiri, chifukwa mavuto a mlimi nawo ali pawiri.

Vuto loyamba ndi ladzidzidzi. Mwana akadwala usiku ku Khombedza, kapena mtsinje wa Linthipe ukasefukira, ndalama imafunika nthawi yomweyo. Apa Airtel Money kapena Mpamba ndiye yothandiza, popeza wa kabaza mungathe kumulipira pafoni ngakhale banki ili yotseka.

Vuto lachiwiri timalidziwiratu: njala ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ikauma. Ndalama ya nyengo imeneyi ikakhala pafoni imatha pang'onopang'ono, lero mayunitsi, mawa m'bale wapempha ngongole. Ndiyo yoyenera kuitsekera ku banki pa Boma.

Tiyerekeze kuti banja lapatula K300,000 mu Julayi. K100,000 ikhale pafoni, K200,000 itsekeredwe kwa miyezi isanu ndi umodzi kuti idzatuluke mu Januwale. Ngati banki yalonjeza chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka, pa theka la chaka mudzapindula K10,000 basi, msonkho usanachotsedwe. Limeneli si phindu lolemeretsa munthu. Kumbukirani kuti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu idakwera koposa 25 peresenti mu 2024. Choncho ubwino wotsekera ndalama ndi wakuti simuikhudza, ndipo kuitsekera chaka chathunthu n'kudzipweteka.

Musanasayine ku banki, funsani zinthu zitatu. Kodi ndalama yochepetsetsa yomwe amalandira ndi zingati? Nanga mukaifuna nthawi isanakwane mudzataya chiyani? Kawirikawiri chimene chimapita ndi chiwongoladzanja. Funsaninso ngati tsiku likakwana ndalamayo imabwerera mu akaunti yanu kapena amaitsekeranso osakuuzani.

Foni nayo ili ndi misampha yake. Potapa ndalama pamakhala kadulidwe, ndipo ejenti wa kumudzi nthawi zina amakhala alibe ndalama zokwanira. Dziwanitu maejenti awiri kapena atatu vuto lisanagwe. Simukhadi ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu ndi chitupa cha unzika, kuti foni ikabedwa mukathe kubwezeretsa nambala pamodzi ndi ndalama zake. Muziigwiritsanso ntchito mwa apo ndi apo, chifukwa nambala yongokhala miyezi yambiri imatsekedwa. Wina akaimba kuti watumiza ndalama molakwitsa, yambani mwaona nokha zomwe zilimo poimba *211# kapena *444#. Nambala yachinsinsi musauze woimba foni aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku kampani.

Tikupempha atsogoleri a makalabu kuti akambirane nkhaniyi pamsonkhano wa mwezi uno, ndalama za zokolola zisanathe m'manja. Banja lopanda ndalama ya pangozi ndi lomwe limagulitsa mbuzi motchipa kapena kugwa m'katapila.