MAU A PAMSIKA: UTHENGA WA MPHINDI ZITATU

Achinyamata athu akamapita kukalalikira pamsika, kawirikawiri amatenga ulaliki wa m'tchalitchi ndi kuunyamula wonse monga uliri. Koma munthu wa m'tchalitchi anabwera dala kudzamva, ndipo wakhala pansi. Munthu wa pamsika anabwera kudzagula mchere ndi usipa, dengu lili pamutu, mwana ali kumbuyo. Akaima kuti atimvere, watipatsa nthawi yake mwaulemu, ndipo nthawiyo siipitirira mphindi zitatu. Tsono mwezi uno tifuna kuona m'mene tingakonzere uthenga wokwana m'mphindi zimenezo kuno kwa Khwethemule ndi m'misika ina ya boma la Thyolo.

Poyamba tidziwe amene tilankhula nawo. Mtumwi Paulo anakambirana ndi anthu pamsika wa ku Atene, monga tiwerenga pa Machitidwe 17, ndipo anayambira pa guwa limene iwo eni anamanga. Ifenso tiyambire pa chimene anthu athu achidziwa. Ambiri a iwo ndi ana ndi zidzukulu za Alhomwe amene anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya Azungu, ndipo tiyi wakhala nawo nthawi yaitali: esiteti ya Satemwa inayamba m'chaka cha 1923. Wothyola tiyi aliyense adziwa masamba awiri ndi kansonga, adziwa dengu la kumsana, adziwanso sikelo ndi kalaliki wolemba makilogalamu. Palibe chifukwa chofunira fanizo kutali.

Uthenga wotere ukhale ndi vesi limodzi, fanizo limodzi ndi kuitana kumodzi. Ife tasankha Aroma 6:23, pamene Paulo asiyanitsa malipiro ndi mphatso. Ena angakonde fanizo la antchito a m'munda wamphesa pa Mateyu 20, koma pamsika lili ndi vuto. M'fanizolo amene anagwira ntchito ora limodzi analandira zofanana ndi amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse. Munthu wolipidwa ndi sikelo akamva theka lokha la nkhaniyi nachoka, apita akuganiza kuti Mulungu ndi bwana wokondera. Fanizolo lifuna nthawi yolimasulira, choncho tilisungire kalasi.

Nawu uthenga wake monga tingaunenere:

"Mayi ndi bambo, zikomo potilola. Ife ndife a mpingo wa CCAP, ndipo sititenga nthawi yanu yambiri, sitipemphanso ndalama. Inu mudziwa kuti pa sikelo munthu amalandira molingana ndi zimene wathyola. Amenewo ndiwo malipiro, ndipo wantchito ayenera kuwalandira okwana. Koma mudziwanso kuti mwana wakhanda amayamwa osathyola tsamba ndi limodzi lomwe. Imeneyo ndiyo mphatso. Imvani tsono chimene Buku Lopatulika linena pa zinthu ziwirizi."

Apa wolankhula atsegule Baibulo, atchule vesi, aliwerenge pang'onopang'ono. Kenaka apitirize:

"Tonsefe, ndi ine ndemwe wolankhulane, tagwirapo ntchito ya tchimo: bodza, chidani, kuba, kuiwala Mlengi wathu. Bwana ameneyu salephera kulipira, ndipo malipiro ake ndi imfa. Koma Mulungu sanatisiye pamzere wa malipirowo. Anatuma Mwana wake Yesu Khristu, amene analibe tchimo, nafa pamtanda m'malo mwathu, nauka tsiku lachitatu. Moyo umene apereka sugulidwa ndi makilogalamu a ntchito zabwino. Ulandiridwa ndi munthu wolapa ndi kukhulupirira Iye. Ngati mufuna kumva zambiri, tikhala pansi pa mtengo uwo kufikira dzuwa litapendeka. Mulungu akudalitseni pa malonda anu."

Taonani m'mene mau awa ayendera. Tayamba ndi kunena kuti ndife yani, pakuti munthu samvera mlendo wobisa dzina. Tanena kuti wantchito ayenera malipiro okwana, kuti wina asaganize kuti tabwera kudzamuuza kuti asadandaule za mphotho yochepa; anthu a dziko la thangata ali ndi makutu akuthwa pa nkhani imeneyi. Ponena za tchimo tati "tonsefe", osati "inu". Ndipo mtanda ndi kuuka zili pakati penipeni, popeza uthenga wopanda ziwirizi ndi malangizo chabe.

Ulemu uyamba tisanatsegule pakamwa. Seshoni idziwe za ulendowo, ndipo mkulu wa mpingo mmodzi atsagane ndi achinyamata. Tikaonekere kwa mkulu wa msika, ndipo ngati malowo ali m'mudzi, kwa amfumu. Ngati ndi pamalo a esiteti, tipemphe kwa eni ake, ndipo tisapite pa nthawi ya ntchito. Tiime m'mbali, tisatseke njira kapena malonda a munthu. Chimkuzamau chikhale chokwanira anthu amene aima pafupi. Mayi wogulitsa tomato akalephera kumvana ndi wogula wake chifukwa cha ife, tamdyera phindu m'dzina la Ambuye.

Pali zinthu zitatu zimene zimaononga uthenga wabwino. Choyamba ndi kunyoza ena. Pamsika pali Asilamu, Akatolika, ndi a Sabata, amene misheni yawo ya Malamulo ku Makwasa inayamba m'chaka cha 1902. Tikatchula mpingo wa wina monyoza, kapena kuloza chala wogulitsa mowa, anthu aleka kumva za Yesu nayamba kuonerera mkangano. Wina akadzutsa funso la tsiku lopembedza, timuyankhe mofatsa kuti tikambirana pambali tikatha.

Chachiwiri ndi kuopseza anthu ndi masoka awo. Namondwe Freddy wa mwezi wa Marichi 2023 anasiya maliro ambiri m'maboma ano a kummwera, ndipo pakati pa omvera pangakhale wina amene anataya mwana. Tisanene kuti chinali chilango cha machimo awo. Ambuye mwini, pa Luka 13, anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa koposa anzawo.

Chachitatu ndi kulonjeza zimene vesi silinalonjeze, monga ntchito yokhazikika, ndalama kapena kuchira msanga. Munthu wolembedwa pa nyengo ya mvula yokha, pamene tiyi aphuka kwambiri, adzatikumbukira pamene ntchito yatha m'chilimwe, ndipo adzayesa Uthenga Wabwino bodza.

Nanga tidziwa bwanji kuti uthenga wathu wamveka? Makolo angathandize pano. Mnyamata aunene kunyumba madzulo, wina atagwira wotchi. Ukapitirira mphindi zitatu, achotse fanizo lachiwiri, asachotse mtanda. Kenaka afunse mwana wa Sitandade 5 kuti wamvapo chiyani. Mwanayo akatha kunena kuti tchimo limalipira imfa koma Yesu apereka moyo kwaulere, uthengawo wapsa. Akakakamira pa mau onga "kulungamitsidwa" kapena "chiyanjanitso", mauwo asinthidwe ndi ena a tsiku ndi tsiku. Agogo olankhula Chilhomwe aphunzitsenso adzukulu moni wake woyenera.

Pomaliza, tisawerenge manja okwezedwa, pakuti pagulu munthu akweza dzanja chifukwa cha manyazi. Amene abwera pansi pa mtengo paja timvetsere nkhani yake, tipemphere naye ngati afuna, ndipo akalola tilembe dzina ndi mudzi wake. Dzinalo liperekedwe kwa mkulu wa mlaga wa kwawoko kuti amuyendere sabata lomwelo, ndi kumuonetsa tsiku limene kalasi ikumana.