Phindu la pa mitengo yakale lisatinamize

Akonzi,

Amene analemba kuti njira yogulira golide ikapindula pa mitengo yakale ipindulanso mawa akusocheretsa anthu.

Akuti kompyuta sinama. Inde, koma imayankha zimene mwaifunsa. Ndimayesa njira zoterezi, ndipo msampha wake ndimaudziwa. Tengani lamulo logula pamene avereji ya masiku ochepa yaposa ya masiku ambiri. Mukayesa manambala 32 uku ndi 32 uko, mwayesa njira 1,024, ndipo ina idzawala mwamwayi basi. Anthu 1,024 atalosera ndalama yachitsulo yoponyedwa kakhumi, timayembekezera mmodzi kulondola konseko.

Akutinso kukonzakonza manambala kumanola njira. Ayi, kumangoiloweza pamtima zochitika zomwe sizidzabwereranso. Chizindikiro chake nachi: masiku 17 akupindula, koma 16 ndi 18 akuluza.

Za mtengo wa malonda sanatchule. Kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumadya kaphinduko pa malonda alionse.

Bisani mitengo ya zaka ziwiri zomalizira, muyesepo kamodzi kokha. Mukasintha nambala mutaona zotsatira, mayesowo afa.

Wowerenga,
Zomba