Za Kalata Yopepesa Bwenzi

Mwezi uno tikambirana za kalata imene ambiri amaiyamba bwino, koma amaiwononga isanafike pakati. Tikunena kalata yopepesa bwenzi limene munthu walilakwira.

Tiyese kuti pali amuna awiri amene anakulira pamodzi. Mmodzi anagwa m'ngongole ya katapila, ndipo anaulula zimenezi kwa mnzake yekha, usiku, pakhonde. Mnzakeyo, ali pamowa, anazinena poyera kuti anthu aseke. Sabata isanathe, nkhani inafika kwa apongozi, ndipo mkazi wa mwini ngongole anaimva kuchitsime. Tsono wolakwayo wabwerera kuntchito kutali, ndipo afuna kulemba. Kawirikawiri amalemba motere: "Ngati ndinakulakwirani, pepani, koma unali mowa, ndiponso anthu ena ankadziwa kale."

Taonani mawu awiri aang'ono, "ngati" ndi "koma". Woyambawo akayikira ngati bala lilipo, chikhalirecho mwini wake akulimva kuwawa. Achiwiriwo alanda ndi dzanja lamanzere chimene chaperekedwa ndi lamanja, pakuti zonse zotsata "koma" ndi mlandu wodziteteza. Wolandira kalata yotere sakhalanso wopepesedwa. Asanduka nyakwawa woti aweruze ngati mowa uli ndi mlandu. Kapena nzoona kuti munthuyo analedzera, kapenanso nzoona kuti ena ankadziwa. Zoonazo zisungidwe. Mnzake akadzafunsa yekha tsiku lina kuti, "Kodi chinakulowani nchiyani?" pamenepo ndi pamene zidzanenedwe.

Ntchito yeniyeni ichitike munthu asanagwire cholembera. Akhale pansi, aleke kuganizira zimene iye anafuna kuchita, aganizire zimene zinagwera mnzake. Anamva kwa yani? Anataya chiyani? Wolemba akayankha mafunso awa, adzapeza kuti chimene chinapweteka koposa si kuseka kwa pamowa ayi, koma kuti mkazi anamva kwa akunja chimene anayenera kumva kwa mwamuna wake. Kalata imene yapeza bala lenileni motere, woiwerenga amadziwa kuti mnzake wagona nazo usiku. Nayi kalata yoyenera:

"Achimwene,

Ndalemba kuti ndipepese. Munandiuza mawu a kumtima kwanu, ndipo ine ndinawanena pagulu kuti anthu aseke. Ndinatero ndine, ndi pakamwa panga.

Ndaganizira zimene mwasenza chifukwa cha ine. Alamu anamva nkhaniyo kuchitsime, inu musanasankhe tsiku lowauza. Mwachita manyazi pamaso pa apongozi anu, ndipo poyenda m'mudzi simudziwa amene akukunenani. Munali ndi munthu mmodzi womuuza zakukhosi. Tsopano ndakulandani ameneyonso, panthawi imene munamufuna koposa.

Madzi akatayika saoleka, ndipo sindinganame kuti ndingabweze mawuwo. Ndikadzabwera mwezi wamawa, ndili wokonzeka kupita kwa alamu ndi kwa apongozi anu kukanena kuti ndinachita chamanyazi, mukalola inu. Mukaona kuti kutero nkukolezanso moto, ndidzakhala chete.

Musavutike kuyankha msanga. Mukafuna kuti nditalikire, ndidzatalikira.

Ine mbale wanu wokulakwirani."

Mwaona kuti m'kalatayi ngongole sinatchulidwe. Tachita dala. Kalata imayenda m'manja ambiri, ndipo ngati maso a mwini wake afooka, kapena sanapite kusukulu, adzaitana mwana kuti amuwerengere. Wolemba akabwereza chinsinsicho papepala, wachiululanso kachiwiri. Chifukwa chake atchule cholakwa chake momveka, koma chinsinsi cha mnzake achiphimbe. Amate envulopu, aipereke kwa munthu wamkulu wosunga pakamwa.

Mwaonanso kuti wolembayo sanachuluke mawu pa chisoni chake. Ena amadzaza tsamba lonse ndi "sindikudya, sindikugona, ndine galu," mpaka wolakwiridwayo akakamizika kutonthoza amene anamubaya. Kumeneko nakonso nkudziteteza, kungoti kwavala chiguduli. Ndipo mawu akuti "tikumbukire ubwenzi wathu wa kuubwana" asiyidwe, pakuti amveka ngati munthu wolonjerera ngongole.

Njira yoyesera kalata ndi iyi: igone usiku umodzi, m'mawa muiwerenge mokweza monga ngati ndinu woilandira. Mzere uliwonse umene ukupangitsani kufuna kuyankha kuti, "Iyayi, sizinatero," kapena, "Nanga ine nditani nazo?" muufafanize. Kalata ikafupika ndi theka, musadandaule.

Yankho likachedwa, musatumize ina yofunsa ngati yoyamba inafika, ndiponso musauze anthu kuti, "Ine ndinapepesa, wokana ndi iye." Mwezi umene munalonjeza ukakwana, pitani, muime pabwalo, muodire, ndipo mudikire kuti akupatseni mpando.