Kukhala chete si umboni woti ululu palibe

Mawu amene akuyenda m'mawodi ndi m'makomo ndi akuti khanda silimva kuwawa kwenikweni, limangolira ndi mantha ndipo mawa laiwala. Ena amawonjezera kuti agogo amene asiya kuyankhula chifukwa cha sitiroko kapena matenda oiwalaiwala, ngati sakubuula ndiye kuti zili bwino. Magazini ino ikukana zonsezi, chifukwa maganizo amenewa anazunzitsa kale ana ambiri.

Mu 1985 ku America, khanda lobadwa masiku osakwana dzina lake Jeffrey Lawson linachitidwa opaleshoni ya mtsempha wa pafupi ndi mtima. Madokotala analipatsa mankhwala oumitsa thupi kuti lisagwedezeke, koma oletsa ululu sanalipatse. Mayi ake, Jill Lawson, atadziwa zimenezi sanakhale chete, ndipo nkhaniyo inafika m'manyuzipepala. Mu 1987 Dr. Kanwaljeet Anand ndi anzake anasonyeza kuti makanda ochitidwa opaleshoni yomweyo atapatsidwa mankhwala amphamvu oletsa ululu ankakumana ndi mavuto ochepa pambuyo pake. Mu 2015 akatswiri a ku Oxford anajambula ubongo wa makanda, napeza kuti mwa zigawo 20 zimene zimagwira ntchito munthu wamkulu akamva kuwawa, 18 zimagwiranso ntchito mwa khanda.

Funso lotsala ndi lakuti ululuwo ungayezedwe bwanji mwini wake asanene. Njira ilipo, ndipo siifuna makina. Imatchedwa FLACC, inapangidwa ku yunivesite ya Michigan mu 1997, ndipo anaikonzera ana a miyezi iwiri mpaka zaka 7. Namwino amamuvundukula mwanayo n'kumuyang'ana kwa mphindi zingapo, akupereka 0, 1 kapena 2 pa zinthu zisanu: nkhope, miyendo, kagonedwe ka thupi, kulira, ndi kutonthozeka kwake.

Mwachitsanzo, mwana wa miyezi khumi wapsa ndi phala lotentha pantchafu. Sakulira mokuwa, akungoguguza, ndipo amene akuyang'anira patali angati wagona. Namwino akasendera pafupi akuona tsinya losachoka pamphumi ndi chibwano chikunjenjemera, apo alemba 2. Miyendo waipinda mpaka pamimba, 2 winanso. Akutembenukatembenuka pamphasa ya mayi ake, 1. Kuguguza kuja, 1. Mayi akamunyamula amakhala bata kwa kanthawi kenako n'kuyambiranso, 1. Zonse pamodzi zakwana 7 pa 10, ndipo kuyambira 7 kupita m'mwamba ndi ululu waukulu. Mwana ameneyu akufunika mankhwala asanamutsuke bala, osati atayamba kukuwa. Pakatha ola limodzi chimwereni mankhwalawo namwino ayezenso. Nambala ikatsika kufika pa 2, ndiye kuti unalidi ululu. Ikapanda kusuntha, mlingo uwonedwenso kapena pafufuzidwe vuto lina.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka: mwana amaliranso ndi njala, thewera lonyowa kapena kuopa mlendo wovala zoyera. N'chifukwa chake amayamba wayamwitsidwa ndi kusinthidwa asanayezedwe. Koma vuto loopsa lili mbali inayo. Khanda lobadwa masiku osakwana, kapena mwana wonyentchera kwambiri, mphamvu yolirira imamuthera. Amangogona zii, maso ali gwa, manja atafumbata, osafuna kukhudzidwa. Nambala yake imatuluka yotsika ululu uli pomwepo, ndipo apa namwino ayenera kudzifunsa ngati bala lotere likanamupweteka munthu wamkulu. Ngati yankho ndi inde, mwanayo apatsidwe mankhwala.

Akuluakulu osayankhula ali ndi muyezo wawo wotchedwa PAINAD, wa mu 2003, umene umayang'ana kapumidwe, kubuula, nkhope, kuuma kwa thupi ndi kutonthozeka. Kufunika kwake kunaoneka pa kafukufuku wa mu 2000 ku New York: okalamba othyoka fupa la m'chiuno amene anali ndi matenda oiwalaiwala anapatsidwa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mankhwala amphamvu amene anzawo oyankhula analandira. Fupa lothyoka linali lomwelo.

Wodwala wotere ayenera kuyang'anidwa pamene akutembenuzidwa kapena kusambitsidwa, chifukwa atagona phee ululu umabisala. Agogo amene akukankha dzanja la mdzukulu wawo pofuna kuwadzutsa, kapena akana phala mwadzidzidzi, kawirikawiri amanenedwa kuti ayamba nkhanza, pamene mwina ndi dzino lobooka, chilonda cha pamsana kapena mkodzo wotsekeka. Gadiyani amene wagona pansi pa bedi lawo usiku wonse amadziwa nkhope yawo ya masiku onse kuposa dokotala wodutsa m'mawa. Akanena kuti “Adokotala, agogowa sakhala chonchi,” mawuwo alembedwe m'fayilo ndipo wodwalayo ayezedwe nthawi yomweyo.