Mwana Asacotsedwe ku Bere Lotupa

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanakwere, amai ambiri a m'komboni ya Ng'ombe mu Lusaka amalowa pa zipata za nyumba zikuluzikulu za ku Roma kukayamba nchito yosesa, kucapa ndi kuphika. Ena mwa iwo kwao ndi ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza, ndipo ena amasiya makanda oyamwa m'manja mwa apongozi kapena acemwali. Pakati pa amai otere pamabuka kawirikawiri matenda a kutupa kwa bere, amene acipatala amawacha masitaitisi. Matendawa sasankha tauni. Amagwiranso mai wa kumudzi amene walawirira ku munda wakutali nthawi ya kupalira, nasiya khanda kunyumba mpaka dzuwa kupendeka.

Citsanzo cimodzi cikhoza kuonetsa mmene vutoli limayendera. Mai wina wabwerera ku nchito ku Roma mwana wace ali ndi miyezi iwiri. Amayamwitsa 6 koloko m'mawa, ndipo mwana samaonanso bere kufikira madzulo, patapita maola 12. Lolemba amamva kacotupa kowawa ku mbali ya bere lakumanja, ca kukhwapa. Laciwiri madzulo malowo atentha, ndipo iye akunjenjemera, mutu ukuwawa, mfundo zonse zaphwanya. Mwamuna wace akuti ndi malungo, nathamangira kukagula mankhwala a malungo. Apongozi ataona bere akuweruza msanga: “Mkaka uwu wasasa, mwananga. Mwanayu musamuike kumeneko, mungamudwalitse.”

Onse awiri akulankhula mwa cikondi, koma onse awiri alakwa, ndipo kulakwa kwa apongozi ndiko koopsa koposa.

Mkati mwa bere muli tinjira tating'onoting'ono timene mkaka umadutsamo popita ku nsonga. Mkaka ukakhala nthawi yaitali osatuluka, mnofu wozungulira tinjirato umatupa ndi kutipanikiza, ndipo mkaka umalephera kudutsa. Apa ndi pamene pamayambira kuwawa, kutentha ndi kufiira. Pa khungu lakuda kufiirako sikumaoneka bwino nthawi zonse. Malowo amangoda koposa pena ponse, amanyezimira, ndipo dzanja likagunda pamamveka moto. Pa tsiku loyamba kawirikawiri kumakhala kutupa cabe. Koma zikapitirira, tizilombo timene timakhala pa khungu timapeza mpata wocuruka, makamaka ngati nsonga ya bere ili ndi ming'alu cifukwa ca mwana amene amagwira nsonga yokha poyamwa.

Tsono ngati gwero la matenda ndi mkaka wosatuluka, kucotsa mwana ku bere kumakuza matendawo. Palibe dzanja kapena cipangizo cimene cimatulutsa mkaka bwino ngati kamwa la mwana.

Mantha a apongozi ali ndi pocokera, ndipo si bwino kuwaseka. Bere likatupa mkaka umasinthadi kukoma, umamveka mcere, ndipo makanda ena amaukana. Acikulire ataona mwana akutembenuza mutu anaganiza kuti mkakawo waonongeka. Koma mkaka wa mcerewo suli ndi ululu, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mai wa matendawa apitirize kuyamwitsa. Cimene cimadwalitsa khanda la miyezi iwiri ndi phala lamadzi, tiyi kapena mkaka wa m'citini wosungunulidwa ndi madzi osawiritsa, zimene banja limathamangira bere likaletsedwa. Khanda lotere limayamba kutsegula m'mimba, ndipo nyumba imene inali ndi wodwala mmodzi imakhala ndi awiri. N'cifukwa cace Unduna wa za Umoyo umalimbikira kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba.

Mai wa ku Ng'ombe uja akamvera apongozi, pofika kumapeto kwa sabata bere limakhala litauma gwa. Pamalo pamodzi pamayamba kufewa ngati pali madzi mkati, ndipo kuwawa kumagunda ngati mtima. Ico ndi cithupsa, ndipo mafinya akasonkhana cotero mapiritsi okha sakwanira. Acipatala ayenera kuwakoka ndi singano kapena kuceka pang'ono kuti atuluke, ndipo bala limafuna kutsukidwa masiku ambiri. Mai amene anaopa kujomba tsiku limodzi ku nchito amajomba masabata.

Njira ina inalipo kuyambira Laciwiri madzulo lomwe lija. Mwana ayamwe nthawi iliyonse imene wafuna, usana ndi usiku, mawere onse awiri. Ngati bere lodwala likuwawa kwambiri poyamba, ayambe ndi labwinolo, ndipo mkaka ukayamba kutsika asamutsidwire ku lodwalalo. Mai aonetsetse kuti mwana wayasamula kwambiri, cibwano cagunda bere, ndipo m'kamwa mwalowa mbali yaikulu ya malo akuda ozungulira nsonga. Mwana akakana ndithu, mai asambe m'manja ndi sopo nafinye mkaka pang'onopang'ono m'kapu yoyera kufikira bere litapepuka, ndipo mwana amwetsedwe mkakawo ndi kapu.

Pali cinthu cimodzi cimene malangizo asintha. Kale amai anali kuuzidwa kuti akande bere mwamphamvu, alithowe ndi madzi otentha, ndi kulifinya mpaka litauma. Koma malangizo a madotolo oona za kuyamwitsa a bungwe la Academy of Breastfeeding Medicine, amene anakonzedwanso mu 2022, akuletsa zimenezi. Kukanda mwamphamvu kumavulaza mnofu wotupa kale, ndipo kufinya kopitirira muyezo kumacititsa bere kupanga mkaka wambiri koposa umene mwana akufuna. Cofunika ndi kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira a mumtsuko, kuikidwa pa malo otupawo kwa mphindi 10 mwana akatha kuyamwa, ndi kusisita mopepuka ndi nsonga za zala kulinga kukhwapa. Kutema mphini pa bere kapena kupakapo phulusa ndi zitsamba kumangotsegulira tizilombo khomo. Za kuwawa, mapiritsi a panado awiri a mamiligalamu 500, osapitirira kanai pa tsiku, alibe vuto kwa mwana woyamwa. Burufeni amacepetsanso kutupa, koma amamwedwa munthu atadya, ndipo wa zilonda za m'mimba asamwe. Mai agone, amwe madzi, ndipo mtondo ndi cigubu ca madzi agwire ena.

Pocita zonsezi banja liwerenge nthawi, ndipo malire ace ndi tsiku limodzi. Maola 24 akatha thupi likali lotentha, kapena kutupa kukukula, mai apite ku kiliniki. Asadikirenso ngakhale maola amenewo ngati akunjenjemera kwambiri, akusanza, akucita cizungulire, ngati nsonga ili ndi cilonda ca mafinya, kapena ngati pali malo ofewa aja. Wa ku Ng'ombe ali ndi kiliniki m'komboni momwemo, ndipo cithupsa cikakula amatumizidwa ku cipatala cacikulu monga ca Levy Mwanawasa, cimene cinatsegulidwa mu 2011 m'mbali mwa mseu wa Great East, kapena ku UTH. Wa kumudzi, amene kiliniki ili pa mtunda wa maola angapo, acita bwino kukonza njinga kapena ngolo tsiku loyamba lomwelo, osayembekeza kuti aone za mawa. Boma linacotsa malipiro m'makiliniki a kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawacotsanso m'makiliniki a m'matauni.

Ku kiliniki mai anene poyera kuti bere likuwawa, pakuti wongonena za kutentha thupi akhoza kupimidwa malungo okha. Kupima magazi a ku cala n'koyenera ndithu, popeza malungo akhoza kubwera pamodzi ndi matenda a bere, koma mankhwala a malungo sacita kanthu pa bere lotupa. Namwino akaona kuti tizilombo talowa amapereka mankhwala opha tizilombo monga kolokisasilini, kawirikawiri mamiligalamu 500 kanai pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14. Amene thupi lace limadana ndi penisilini anene msanga kuti apatsidwe mtundu wina. Mankhwala amenewa saletsa kuyamwitsa. Mai amayamba kupeza bwino pa masiku awiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwira, kusiya makapisozi otsala kuti adzathandize tsiku lina, matenda amabwerera. Masiku awiri akapita popanda kusintha, abwerere ku kiliniki komweko.

Lamulo la kuyamwitsa bere lodwala lili ndi malire amodzi. Mai amene ali ndi kacilombo ka HIV apite ku kiliniki tsiku lomwelo, cifukwa bere lotupa kapena la cilonda limakuza mpata wopatsira mwana kacilomboko. Apitirize kumwa ma ARV osadumpha, ayamwitse bere labwinolo, ndipo lodwalalo azilifinya ndi kutaya mkaka wace kufikira litacira kapena acipatala atamulangiza zina. Ngakhale iyeyu saloledwa kulisiya bere lodzaza.

Otsala ndi eni nyumba a ku Roma, ku Kabulonga ndi ku Woodlands, pamodzi ndi olemba nchito m'mafamu. Lamulo la za nchito la Employment Code Act la mu 2019 limapatsa mai wapakati chuti ca masabata 14, ndiponso kwa miyezi 6 cibadwire mwana limamupatsa ola limodzi tsiku lililonse la nchito, kapena mphindi 30 kawiri, kuti ayamwitse. Ng'ombe ndi Roma n'zoyandikana, ndipo ola limenelo likhoza kukwanira kuti mwana abweretsedwe pa cipata masana. Kumene mtunda watalika, mai apatsidwe malo obisika ndi madzi osamba m'manja kuti afinye mkaka pakapita maola atatu kapena anai. Wanchito wa m'nyumba kawirikawiri amaopa kupempha zimenezi pakuti alipo ambiri ofuna malo ace, motero ndi mwini nyumba amene ayenera kuyamba kuichula nkhaniyo.

Mankhwala akatha ndipo kuwawa kwaleka, mai apapase bere lace. Kacotupa kakatsalira patapita masabata awiri, kapena khungu likakhala lolimba la timaenje ngati khungu la lalanje, abwerere ku cipatala kuti akapimidwe bwino, pakuti pali mtundu wina wa khansa ya bere umene umayamba mofanana ndi matenda amenewa.